Laisensi ya ku Malawi ku Britain: chaka chimodzi chimene theka lake limatha musanayambe

Munthu amene ali ndi laisensi ya ku Malawi akasamukira ku Britain kukakhala kapena kukagwira ntchito, amaloledwa kuyendetsa galimoto yaing'ono kwa miyezi 12. Zimenezi ambiri amazimva asanakwere n'komwe ndege, ndipo mtima umakhala m'malo, amvekere chaka n'chachitali. Zimene sauzidwa ndi zakuti laisensi ya ku Malawi siisinthidwa kukhala ya kumeneko. Palibe fomu yodzaza, palibe ndalama yolipira kuti akupatseni khadi latsopano m'malo mwa lakale. Muyenera kukhoza mayeso awiri, olemba ndi a pamsewu, ngati mwana amene akungoyamba kumene kugwira chiwongolero. Ndipo malamulo a mayesowo anakonzedwa mwa njira yakuti theka la chaka chija limadutsa musanaloledwe n'komwe kulemba. Anthu ambiri amene amapezeka m'mavuto pa nkhaniyi amadziwa kuyendetsa bwinobwino. Chimene chimawagwetsa ndi kawerengedwe ka masiku.

Tiyambe ndi chifukwa chake laisensi yathu siisinthidwa. Ofesi yoona za malaisensi ku England, Scotland ndi Wales ndi DVLA, imene ili mumzinda wa Swansea. Ku Northern Ireland kuli ofesi yakeyake, choncho zimene ndikufotokoza pano ndi za madera atatu aja. DVLA imagawa malaisensi akunja m'magulu. Pali a m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya. Pali a m'mayiko amene boma la Britain linachita kuwasankha potsatira lamulo la pamsewu la mu 1988, litakhutira ndi mmene amayesera oyendetsa galimoto. M'gulu limeneli muli mayiko monga Australia, Canada, Japan, New Zealand ndi Singapore, ndipo kuno ku Africa alimo awiri okha: South Africa ndi Zimbabwe. Gulu lachitatu ndi la mayiko ena onse otsala, ndipo Malawi, Zambia ndi Mozambique ali mommo.

Izi zimawawa ndithu. Namwino wochokera ku Harare amatumiza fomu yotchedwa D1, laisensi yake ndi mapaundi 43, n'kulandira laisensi ya ku Britain papositi osayesedwa. Mnzake wochokera ku Blantyre, amene wakhala akuyendetsa mumsewu wa Chipembere kwa zaka 15 popanda ngozi, amayambira pansi. Mndandandawu suyeza luso la munthu payekha. Umayang'ana dziko limene linapereka khadilo, basi. Kudandaula n'komveka, koma DVLA sisintha mndandanda chifukwa cha kalata ya munthu mmodzi, ndiye chofunika n'kudziwa gulu limene mulimo n'kukonzekera molingana nalo.

Kwa abale athu amene anakulira ku Zimbabwe, kapena amene anakhala ku Joni n'kukhoza mayeso konko, njira ndi yaifupi koma ili ndi malire ake. Amayendetsa ndi laisensi yawo kwa miyezi 12 ngati wina aliyense, ndipo ali ndi zaka zisanu kuchokera tsiku limene anakhazikika zoti asinthitsire. Miyezi 12 ija ikatha asanasinthitse, ayenera kuimika galimoto kufikira khadi latsopano litafika. Laisensi yotumizidwayo ikhale yoti nthawi yake sinathe, ndipo sibwerera kwa mwini wake. Pali msampha umodzi umene ndiyenera kuutchula, chifukwa umakopa anthu ambiri: kutenga laisensi ya ku Malawi, kukaisinthitsa ku South Africa, kenako n'kuitumiza ku Swansea. DVLA imafuna kudziwa kumene munthu anakhozera mayeso. Ngati anakhozera ku Lilongwe, khadi la ku Pretoria silisintha kanthu. Ndipo kunama pafomu kuti mupeze laisensi ndi mlandu paokha.

Pepala lina limene limasokoneza anthu ndi chilolezo choyendetsera m'mayiko akunja, chija ambiri amati intaneshono. Ena amavutika kuchipeza asananyamuke poganiza kuti ndi laisensi ya dziko lonse lapansi. Ntchito yake ndi kumasulira zimene zalembedwa pa laisensi yanu kuti wapolisi wa dziko lina azimve, ndipo chimagwira ntchito pokhapokha laisensi yeniyeniyo ili pambali pake. Popeza laisensi ya ku Malawi inalembedwa kale m'Chingerezi, ku Britain pepalali silikuwonjezerani kanthu, ndipo siliwonjezera ngakhale tsiku limodzi pa miyezi 12 ija.

Masiku amayamba kuwerengedwa liti

Kwa mlendo wongobwera kudzacheza, miyezi 12 imawerengedwa kuchokera tsiku limene analowa m'dzikomo komaliza. Kwa munthu amene wabwera kudzakhala, imawerengedwa kuchokera tsiku limene anakhazikika. Kusiyana kumeneku ndi kumene kunabala mphekesera imene imamveka pa zochitika za Amalawi kumeneko: "Achimwene, musavutike. Pitani kumudzi pa Khirisimasi, mukabwerako miyezi iyambiranso." Sizoona kwa munthu wa viza ya ntchito. Nyumba yanu, ntchito yanu ndi misonkho yanu zili ku Britain, choncho tchuthi cha milungu itatu ku Dedza sichikusandutsani mlendo. Ngakhale mutakonzetsa laisensi yatsopano kwathu kuno pa ulendo womwewo, tsiku lanu loyambira limakhala lomwe lija.

M'miyezi imeneyi mukhoza kuyendetsa galimoto yosapitirira matani atatu ndi theka, ya mipando ya okwera yosaposa 8, malinga laisensi yanu ikuloleza zimenezo ndipo sinathe nthawi. Ikathera pakati pa chaka, chilolezo chanunso chathera pomwepo. Muyang'ane deti pakhadi lanu musanachoke kumudzi, chifukwa kukonzetsa laisensi muli kutali ndi chintchito.

Tsopano lamulo limene limafinya nthawi. Kuti mulembe mayeso aliwonse mwa awiriwa, muyenera kukhala mutakhala ku England, Wales kapena Scotland kwa masiku osachepera 185 m'miyezi 12 yapitayo. Komanso simungasungitse malo a mayeso a pamsewu musanakhoze olemba, chifukwa posungitsa pamafunika kuti mbiri yanu ionetse kuti munakhoza. Chachitatu, mzere wa mayeso a pamsewu ndi wautali. Kuyambira nthawi ya mliri wa Kovidi sunabwererenso m'chimake, moti mu 2025 anthu ankadikira milungu yoposa 20 m'malo ambiri oyesera. Zinthu zitatuzi mukaziika pamodzi ndi pamene chithunzi chenicheni chimaoneka.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Ndirande amene anafika pa 1 Malichi, ndipo ntchito yake ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuyenda nyumba ndi nyumba pagalimoto. Chilolezo chake choyendetsa ndi laisensi ya ku Malawi chidzatha kumapeto kwa Febuluwale chaka chotsatira. Masiku 185 akukwana pa 1 Sepitembala. Tinene kuti wachita zonse mwachangu, walemba mayeso olemba pa 2 Sepitembala, wakhoza, ndipo madzulo a tsiku lomwelo wasungitsa malo a mayeso a pamsewu. Ngati mzere uli wa milungu 22, tsiku lake likugwera pa 3 Febuluwale. Ndiye kuti watsala ndi milungu yosakwana inayi. Akalephera, lamulo limati adikire masiku ogwira ntchito 10 asanayesedwenso, komanso abwerere pamzere. Mwachidule, mayi amene sanataye ngakhale tsiku limodzi ali ndi mwayi umodzi wokha wotsimikizika chaka chake chisanathe. Ndipo mwa anthu onse amene amayesedwa pamsewu ku Britain, amene amakhoza ndi ochepera pang'ono theka.

Nanga akanazengereza? Zimachitika mosavuta. Miyezi yoyambirira munthu amakhala akulimbana ndi lendi, kuzizira, mashifiti ausiku, ngongole ya tikiti ndi fizi ya ana kumudzi. Galimoto ikuyenda, palibe amene wamuimitsa. Akadzadzidzimuka mu Disembala n'kukhoza mayeso olemba mu Januwale, tsiku la mayeso a pamsewu lidzagwera cha mu Juni. Kuyambira 1 Malichi mpaka tsiku limenelo, sangayendetse yekha. Kwa munthu amene ntchito yake ili pa matayala, imeneyo ndi miyezi itatu kapena inayi yodalira basi, kupempha anzake, kapena kuchepetsedwa maola.

Zimene zingachitike m'miyezi 6 yoyambirira

Theka loyamba la chaka lija simungalembe mayeso, koma ntchito yochita ilipo yambiri. Choyamba ndi laisensi yophunzirira, imene pa tsamba la boma la gov.uk imalembedwa kuti provisional driving licence. Pa mitengo ya mu 2025, kuitenga kudzera pa intaneti ndi mapaundi 34, papositi ndi 43. Amafuna umboni wakuti ndinu ndani, chilolezo chokhala m'dzikomo kwa masiku osachepera 185, ndi maadiresi a kumene mwakhala zaka zitatu zapitazi. Mulowe pa gov.uk penipeni. Pali masamba ena amene amaoneka ngati a boma, amakudzazirani fomu yomweyo n'kukulipiritsani ndalama yowonjezera.

Ambiri amaopa kutenga laisensi yophunzirira msanga poganiza kuti akangoilandira asanduka ophunzira, ayamba kumata chikwangwani cha L ndi kufuna munthu wowayang'anira. Ayi. Malinga miyezi 12 ija isanathe, mumapitiriza kuyendetsa nokha ndi laisensi ya ku Malawi, ngakhale m'misewu ikuluikulu ija ya motawe, uku yophunzirirayo ili m'thumba. Malamulo a wophunzira amakugwirani tsiku limene miyeziyo yatha ngati simunakhoze.

Ndipo malamulowo ndi olemera kuposa mmene ambiri amaganizira. Pagalimoto pakhale L wofiira kutsogolo ndi kumbuyo. M'galimotomo muzikhala ndi munthu wa zaka zosachepera 21 amene wakhala ndi laisensi yathunthu kwa zaka zitatu, ya ku Britain kapena ya m'mayiko a ku Ulaya ovomerezeka. Amalume anu amene anafika chaka chatha ndi laisensi ya ku Malawi sangakuyang'anireni, ngakhale ndi iwo anakuphunzitsani kuyendetsa. Mumotawe mumalowa pokhapokha muli ndi mphunzitsi wovomerezeka, m'galimoto ya mabuleki mbali zonse ziwiri. Palibe bwana amene angakutumizeni kwa wodwala ndi L kumbuyo komanso woyang'anira pambali.

Chinthu chachiwiri ndi kusungitsiratu mayeso olemba kuti agwere tsiku loyandikira kwambiri pambuyo pa masiku 185 aja, n'kuwerenga mokwanira kuti mukhoze ulendo woyamba. Amalipiritsa mapaundi 23. Ali ndi zigawo ziwiri ndipo muyenera kukhoza zonse pa tsiku limodzi. Chigawo choyamba ndi mafunso 50 osankha yankho, mphindi 57, ndipo muyenera kupeza 43. Ndi a m'Chingerezi kapena Chiwelishi, ndipo omasulira zinenero zina analetsedwa mu 2014. Chigawo chachiwiri ndi mavidiyo 14 oonetsa msewu ngati kuti ndinu mukuyendetsa. Mukaona chinthu chimene chayamba kusanduka choopsa, choti chikukakamizani kuchepetsa liwiro kapena kukhota, mumadina. Choopsa chilichonse chili ndi mamalikisi mpaka asanu malinga ndi changu chanu, ndipo mufunika 44 mwa 75.

Chigawo chachiwirichi chimapusitsa madalaivala akale. Munthu amene wazolowera kudutsa pa msika wa Limbe amaona ngozi ikadali kutali. Akangoona minibasi itaima iye wadina kale, nthawi yopatsa mamalikisi isanatseguke, ndipo salandira kanthu. Njira yake ndi kudina pamene mwaona koyamba, kenako kudinanso pamene chinthucho chayamba kuyenda molunjika njira yanu. Koma osamangodinadina, chifukwa makinawo akaona kuti mukudina mosalekeza kapena motsatira ndondomeko imodzi amakupatsani ziro pa vidiyo yonseyo. Mukalephera mumadikira masiku ogwira ntchito atatu. Mukakhoza, satifiketi yake imagwira ntchito zaka ziwiri.

Posungitsa mayeso a pamsewu, mtengo wa boma ndi mapaundi 62 mkati mwa sabata, ndi 75 madzulo kapena kumapeto kwa sabata. Amene amayendetsa mayesowa ndi ofesi ina yotchedwa DVSA. Kutalika kwa mzere kunabweretsa mavenda amene amagulitsa masiku apafupi pa mitengo yokwera kangapo. Ena mwa iwo ndi akuba chabe amene amangofuna nambala ya laisensi yanu ndi ndalama. Ine ndingati tengani tsiku limene lilipo pa gov.uk, ngakhale likhale lakutali, kenako muziyang'ana pafupipafupi ngati pali wina amene wasiya malo ake. Mukapeza tsiku lapafupi pamalo oyesera a tauni ina, muganize kaye ngati mungakwanitse kukayeserera m'misewu ya kumeneko.

Chifukwa chake odziwa kuyendetsa amalephera

Tili ndi mwayi umodzi: ku Malawi ndi ku Britain konse timayenda kumanzere, chiwongolero chili kumanja, ndipo paraundabauti timapatsa mpata wochokera kudzanja lamanja. Koma mwayi womwewu umagonetsa anthu tulo. Mayeso a pamsewu amatenga mphindi pafupifupi 40. Amayamba ndi kuwerenga nambala ya galimoto pa mtunda wa mamita 20, ndipo mukalephera apa mayeso athera pomwepo, choncho magalasi a maso musawaiwale. Pali mafunso awiri okhudza chitetezo cha galimoto, kuyendetsa m'misewu yosiyanasiyana, kubwerera m'mbuyo kamodzi, ndi gawo lina lotsatira kamakina kolozera njira kapena zikwangwani. Mumaloledwa zolakwa zing'onozing'ono mpaka 15. Cholakwa chimodzi chokha chachikulu kapena choopsa chimakugwetsani, ngakhale kwina konseko munayendetsa bwino.

Pa mndandanda wa DVSA wa zolakwa zimene zimagwetsa anthu kwambiri, chimene chakhala chikutsogola kwa zaka zambiri ndi kusayang'ana mokwanira pa mphambano. Chotsatira ndi kusayang'ana pagalasi musanasinthe njira. Taonani mmene zimachitikira. Mwafika paraundabauti ya mizere iwiri ndipo woyesa wati mutulukire njira yachitatu. Chimene akuyembekeza ndi ichi: galasi la pakati, galasi la kumanja, indiketa ya kumanja, kulowa mzere wa kumanja mukadali patali, kuchepetsa liwiro uku mukuyang'ana kumanja. Mukalowa, mukadutsa potulukira pachiwiri, galasi la pakati, galasi la kumanzere, indiketa ya kumanzere, kenako n'kusuntha. Dalaivala wakale amachita zonsezi ndi kakona ka diso, kapena amasuntha kaye n'kuyang'ana pambuyo pake. Tsiku limenelo pakapezeka galimoto kumanzere kwake imene yachita kuponda buleki chifukwa cha iye, woyesa amalemba cholakwa chachikulu mwakachetechete. Munthu amabwerera pamalo oyesera akumwetulira, osadziwa kuti anagwa pa mphindi ya 10.

Pali zizolowezi zina zimene kwathu sitiziona ngati vuto. Kulowa pampata wochepa podalira kuti mnzanu akuonani n'kuchepetsa liwiro. Kudutsa pafupi kwambiri ndi wanjinga, pamene malamulo a kumeneko amafuna mita imodzi ndi theka. Kutsetsereka mutaponda kalatchi pofuna kupulumutsa mafuta. Kuimba hutala popereka moni kapena pofulumizitsa wina. Kuyambira mu Januwale 2022, mukamakhotera mumsewu wina muyenera kupatsa mpata woyenda pansi amene akudikira kuwoloka pamenepo, ngakhale asanaponde mumsewu. Palinso vuto la mbali inayo: kuopa kwambiri. Kuima paraundabauti yopanda kanthu, kapena kuyenda 40 pamsewu wa 60 wopanda chotchinga, nakonso kumalembedwa. Ndipo manambala a pazikwangwani ndi mamailosi. 30 ndi pafupifupi makilomita 48 pa ola, 70 ya pamotawe ndi pafupifupi 112. Ku Wales, kuyambira mu Sepitembala 2023, misewu yambiri ya m'malo okhala anthu ndi ya 20.

N'chifukwa chake ndalama imene sindingalangize munthu kuiumira ndi ya mphunzitsi. M'madera ambiri ola limodzi ndi mapaundi pakati pa 35 ndi 45, ndipo poyerekeza ndi kwacha mtima umadumpha. Koma simukufunika maola onse a munthu wongoyamba. Muuzeni mphunzitsiyo kuti, "Ndakhala ndikuyendetsa zaka zakutizakuti, ndiyeseni ngati mmene adzandiyesere, mundiuze zimene zingandigwetse." Chitani zimenezi m'miyezi yoyambirira, chifukwa mukatero ulendo uliwonse wopita kuntchito umasanduka woyeserera, mwaulere, pa laisensi yanu ya ku Malawi. Mwayi umenewu mwana wa ku Britain wa zaka 17 alibe. Mphunzitsi wololedwa kulandira ndalama amakhala ndi baji pagalasi lakutsogolo, yobiriwira ngati anamaliza maphunziro ake, yapinki ngati akadali kuphunzira. Wopanda baji saloledwa kulipiritsa.

Muganizirenso za mtundu wa galimoto yokayesedwera. Mukakhoza ndi ya otomatiki, laisensi yanu imatuluka ndi nambala 78, kutanthauza kuti muziyendetsa za otomatiki zokha, ngakhale kumudzi munkayendetsa ya magiya. Kwa mayi wa ku Ndirande uja, amene ali ndi mwayi umodzi ndipo galimoto yake ndi ya otomatiki kale, ine ndingasankhe otomatiki, chifukwa maganizo onse amapita pamsewu. Koma amene akulingalira zodzayendetsa vani ya katundu aganize kawiri, popeza kuchotsa 78 kumafuna mayeso ena a pamsewu.

Inshuwalansi, ndi zimene zimachitika miyezi ikatha

Ku Britain inshuwalansi imatsatira dalaivala wotchulidwa dzina pa galimoto yotchulidwa. Kubwereka galimoto ya mnzanu chifukwa "ili ndi inshuwalansi" kwagwetsa anthu ambiri. Pogula, nenani zoona za mtundu wa laisensi yanu ndi tsiku limene munafika. Mtengo udzakwera, koma mukabisa, kampani ikhoza kukana kulipira pa tsiku la ngozi. Kwa oyenda nyumba ndi nyumba, inshuwalansi yopitira kuntchito malo amodzi siikwanira. Pamafunika imene pafomu imalembedwa kuti business use.

Tibwerere kwa mayi uja, tinene kuti analephera pa 3 Febuluwale ndipo pa 10 Malichi akuyendetsabe yekha. Palibe kalata imene imabwera kudzamuchenjeza kuti nthawi yatha, ndipo n'zotheka kuyenda miyezi osaimitsidwa. Zimaululika pa tsiku la tsoka: wina wamugunda kumbuyo pamaloboti, kapena nyale imodzi yazima ndipo apolisi amuimitsa. Funso limakhala lakuti, "Munafika liti m'dziko muno?" Kuyendetsa mosemphana ndi laisensi ndi mlandu wa mapointi achilango 3 mpaka 6, amene amalembedwa pa mbiri ya laisensi yanu, ndi chindapusa chofika mapaundi 1,000. Zikapezeka kuti inshuwalansi yake siikumuteteza chifukwa cha zomwezo, pamabwera mlandu wachiwiri, umene chilango chake chochepetsetsa ndi mapaundi 300 ndi mapointi 6, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo pomwepo. Nkhani ikafika kukhoti, imadzafunika kutchulidwa pa mafomu a viza ndi a chilolezo chokhazikika, chifukwa amafunsa za milandu kuphatikizapo ya pamsewu.

Ndikudziwa chimene chimakankhira anthu pamenepa. Viza yamangiriridwa kwa bwana, bwana akufuna mashifiti akwaniritsidwe, kumudzi akudikira ya mwezi uno. Koma mlanduwo umalembedwa pa dzina la woyendetsa. Ngati mwaona kuti masiku sakukwana, kambiranani ndi akuntchito mwezi umodzi kapena iwiri nthawi isanathe, muwaonetse tsiku la mayeso limene mwasungitsa, mupemphe mashifiti oyenda awiriawiri kapena a malo amodzi.

Mapointi amenewa satha ndi kukhoza mayeso. Pali lamulo la mu 1995 la madalaivala atsopano: mukafikitsa mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyambirira mutakhoza, laisensi imalandidwa ndipo mumabwerezanso mayeso onse awiri. Pamaso pa lamuloli, zaka zanu 15 za mumsewu wa Chipembere siziwerengedwa, ndinu watsopano. Mapointi amene munapeza musanakhoze amasamukira pa laisensi yatsopanoyo, ndipo ena akangowonjezekera n'kufika 6, yapita. Kugwira foni m'manja mukuyendetsa ndi mapointi 6 nthawi imodzi. Kujambulidwa ndi kamera ya liwiro kawiri, mapointi atatuatatu, n'chimodzimodzi.

Mawu ochepa kwa madalaivala a mathiraki ndi mabasi, amene ambiri amakopeka ndi malipiro a kumeneko. Miyezi 12 ija ndi ya galimoto zazing'ono zokha. Laisensi yanu ya thiraki, ngakhale munkafika nayo ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Durban, siikulolezani kuyendetsa lole ya ku Britain mutakhazikika. Muyenera kupeza kaye laisensi yathunthu ya galimoto yaing'ono, kenako yophunzirira lole kudzera pa fomu D2 pamodzi ndi fomu ya dokotala D4, kenako mayeso a lole ndi satifiketi ya ntchito yotchedwa Driver CPC. Ngakhale a ku South Africa ndi Zimbabwe akamasinthitsa, gawo la lole ndi basi silisamuka nawo.

Tsiku limene mwakhoza, woyesa amakupatsani satifiketi pomwepo, ndipo mukalola amatenga laisensi yophunzirira ija kuti DVLA ikutumizireni yathunthu, imene kawirikawiri imafika pasanathe milungu itatu. Simufunika kudikira khadilo kuti muyambe kuyendetsa nokha. Koma musanalize injini, imbirani kampani ya inshuwalansi muwauze kuti laisensi yasintha, makamaka ngati munali pa inshuwalansi ya wophunzira, chifukwa yambiri yotereyi imatha mukangokhoza. Laisensi ya ku Malawi imakhalabe yanu, popeza simunasinthitse ndi chilichonse, ndipo mukhoza kudzaigwiritsa ntchito mukapita kumudzi malinga nthawi yake isanathe.

Malamulo ndi mitengo zimasinthidwa nthawi ndi nthawi, makamaka za kasungitsidwe ka mayeso. Pa gov.uk pali tsamba lotchedwa Driving in Great Britain on a non-GB licence, limene limafunsa ngati ndinu wokhala kapena mlendo ndi dziko limene munakhozera mayeso, kenako limakuuzani gulu lanu. Mulitsegule sabata yoyamba mutafika, ndipo mulembe madeti awiri pakalendala: tsiku limene masiku 185 akukwana, ndi tsiku lomaliza la mwezi wa 12.